Kukonza Chichewa cha makina kuti chimveke ngati wayankhula ndi munthu

Dzinja likafika kuno kuchigwa cha Shire, mauthenga ochenjeza za madzi amabwera pafupipafupi, ndipo ambiri amafika ali m'Chingerezi. Munthu amautenga uthengawo, kuuponya m'makina omasulira a pafoni, zomwe zatulukazo n'kuzitumiza pa WhatsApp zili choncho. Ine ndimathandiza komiti ya m'dera lathu yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, chakufupi ndi Bangula, ndipo ntchito yokonza mauthenga oterewa asanakalengezedwe pachimkuzamawu imagwera ine. Ife amene tinaona madzi a mu Januwale 2015, namondwe Ana mu Januwale 2022 ndi Freddy mu Malichi 2023 sitingafune kuti munthu achedwe kusamuka chifukwa choti anali kulimbana ndi tanthauzo la chiganizo.

Ndikuonetsani njira imene ndimatsata, ndipo tiyenda ndi ndime imodzi yokha kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Ndimeyi inandipeza Lachiwiri lina m'mawa, cha m'ma 8 koloko, itamasuliridwa kale ndi makina. Inkati:

"Mvula yolemera ikuyembekezeredwa kudutsa madera a kumtunda mkati mwa maola 48 otsatira. Monga chotsatira, milingo ya madzi mu Mtsinje wa Ruo ndi Mtsinje wa Shire ikuyembekezeredwa kuwuka. Okhalamo a madera ogona pansi ndi iwo okhala pafupi ndi mabanki a mtsinje akulangizidwa mwamphamvu kusuntha ku nthaka yapamwamba posachedwa momwe kungathekere. Chidwi chapadera chiyenera kulipiridwa kwa ana, okalamba ndi anthu okhala ndi zilema. Usayese kuwoloka mitsinje yosefukira pa phazi. Madzi akumwa ayenera kuwiritsidwa kapena kuchitiridwa ndi klorini asanagwiritsidwe ntchito. Ziweto ziyenera kusunthidwa ndipo iwo ayenera kusungidwa pamalo otetezeka."

Mawu onsewa ndi a Chichewa, koma amene wawayala ndi Mngerezi. Munthu wodziwa Chingerezi amayimva ndimeyi chifukwa m'mutu mwake akuibweza mwakachetechete kuchiyankhulo chomwe yachokera. Amene sadziwa Chingerezi alibe pobwezera.

Choyamba: pezani uthenga wa Chingerezi, muumvetse

Musakhudze liwu ngakhale limodzi la makina musanaone gwero lake. Ngati amene wakutumizirani wangotumiza Chichewa chokha, muuzeni atumizenso cha Chingerezicho. Ngati Chingerezi chimakuvutani, khalani pansi ndi mphunzitsi kapena mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu, akufotokozereni chiganizo chimodzichimodzi. Kukonza ndime ya makina opanda gwero n'kulota, chifukwa pomwe makina asokoneza tanthauzo inu mudzangosalaza cholakwikacho kuti chizimveka bwino.

Mukawerenga, tengani pepala muyankhe mafunso anayi: akuuza ndani, achite chiyani, liti, chifukwa chiyani. Pa uthenga wathuwu, akuuza anthu okhala m'mphepete mwa mitsinje ndi m'malo otsika. Akuti asamuke msanga, athandize ana, okalamba ndi aulumali, asawoloke mitsinje yodzaza, ateteze madzi akumwa, asamutse ziweto. Nthawi yake ndi maola 48 kuchokera pomwe uthenga watuluka. Chifukwa chake ndi mvula yambiri yomwe ikubwera kumapiri.

Pansi pa mayankhowo lembani zinthu zosasinthika: mayina a mitsinje iwiri, nambala ya 48, magulu atatu a anthu, njira ziwiri zotetezera madzi. Pepalali musalitaye, mudzalifunanso kumapeto.

Chachiwiri: werengerani munthu mokweza

Diso limakhululuka zambiri zomwe khutu silingalole. Pezani munthu amene sawerenga Chingerezi, mumuwerengere ndime ya makina monga momwe ilili, ndipo muziyang'ana nkhope yake. Paliponse pomwe wachita tsinya, waseka kapena wakufunsani, ikani chizindikiro. Pomwe lilime lanu lomwe lapunthwa muikeponso.

Tsiku limenelo ndinapita kwa agogo aakazi oyandikana nafe, omwe ndinawapeza akupeta mapira pansi pa mtengo wa nimu. Chiganizo choyamba anachimvera mwakachetechete. Nditafika pa mabanki, anaika lichero pansi.

"Banki ndinaiona ku Nchalo, mwanawe. Ndiye kuti akuchenjezawo ndi a kumeneko?"

"Ayi agogo, akunena m'mphepete mwa mtsinje."

"Nanga osangonena choncho bwanji?"

Nditafika pa chidwi cholipiridwa anafunsa ngati okalamba alandire ndalama. Sananene moseka, ankafunsadi. Apa m'pamene mumaonera kuopsa kwa ndime yotereyi: munthu sakhala wosamva kanthu, amamva china chake chomwe uthengawo sunanene, ndipo amakachiuzanso mnzake kuchitsime.

Chachitatu: yambani ndi mawu omwe asintha tanthauzo

Zolakwika za makina sizifanana kukula. Zina zimangomveka zachilendo, zina zimanamiza. Yambani ndi zonamizazi.

Zambiri mwa izo zimabwera chifukwa liwu limodzi la Chingerezi lili ndi matanthauzo awiri, ndipo makina asankha lomwe amakumana nalo kawirikawiri. Liwu lomwe Angerezi amatchulira gombe la mtsinje ndi lomwelonso amatchulira banki yosungira ndalama. Ife timati m'mphepete mwa mtsinje, kapena kugombe. Liwu lomwe amanenera kuthira mankhwala m'madzi ndi lomwelo amanenera mmene munthu wamuchitira mnzake, n'chifukwa chake madzi athu akuti achitiridwe ndi klorini. Ife klorini timathira. Pa Chingerezi chidwi amachita kulipira, n'chifukwa chake agogo aja anamva za ndalama. Ife timasamalira munthu, timamuyang'anira, timamuthandiza.

Mvula yolemera ndi chimodzimodzi. Kwa ife cholemera ndi thumba la chimanga kapena munthu wachuma, pomwe mvula imakhala yamphamvu, yambiri, kapena chimvula. Madera sagona pansi, amakhala otsika. Madzi alibe milingo yowuka: madzi amakwera, mtsinje umadzaza, kenako umasefukira. Nthaka yapamwamba, kwa mlimi wa kudimba, ndi dothi lachonde la pamwamba kapena nthaka yabwino kwambiri, pomwe uthengawo ukunena kumtunda. Munthu sawoloka pa phazi, amawoloka wapansi.

Njira yozindikirira mawu oterewa ndi yosavuta. Tengani mawu awiri oyandikana, monga "mvula" ndi "yolemera", mudzifunse ngati munawamvapo akutuluka limodzi pakamwa pa munthu, kumsika, kutchalitchi kapena pamaliro. Ngati simunawamvepo, bwererani ku Chingerezi mukaone chomwe chinalipo.

Pali liwu lina lomwe silinamiza koma limalasa. Kunena kuti "okhala ndi zilema" kumanyoza anthu omwe tikuti tiwathandize. Mawu omwe amagwiritsidwa ntchito pawailesi ndi m'misonkhano masiku ano ndi akuti anthu aulumali. Makina sadziwa liwu lomwe likhoza kukhumudwitsa munthu ali pagulu, ndiye limeneli ndi gawo lanu.

Chachinayi: ikani foni chafufumimba, munene ndi pakamwa

Apa m'pamene anthu ambiri amalakwitsa, ndipo ine ndinalakwitsa kwa nthawi yaitali. Ndinkasintha liwu limodzilimodzi mkati mwa chiganizo cha makina, kuchotsa "yolemera" kuikapo "yamphamvu", kuchotsa "mabanki" kuikapo "m'mphepete". Taonani chomwe chimatuluka mukatero:

"Okhalamo a madera otsika ndi iwo okhala m'mphepete mwa mtsinje akulangizidwa mwamphamvu kusuntha kumtunda posachedwa momwe kungathekere."

Palibenso liwu lonamiza, komabe palibe munthu wa ku Makhanga kapena ku Ngabu amene angayankhule chonchi. Zili ngati nyumba yomwe mwaisintha udzu koma nsichi ndi phaso zili zakale. Vuto latsala m'kamangidwe ka chiganizo, ndipo bola maso anu ali pa chiganizo cha makina, mutu wanu uziyendabe m'kanjira komwe makinawo alambula.

Choncho tembenuzani foni, iyang'ane pansi. Tengani pepala lanu la mafunso anayi lija. Ganizirani munthu mmodzi weniweni amene ali ndi nyumba pafupi ndi madzi, ngati kuti mwakumana naye panjira muli panjinga ndipo muli ndi kanthawi kochepa. Muuzeni mokweza zomwe ayenera kudziwa. Zomwe zatuluka pakamwa panuzo zilembeni msanga musanaziiwale, kapena dzijambuleni mawu pafoni kenako mulembe.

Mukachita zimenezi muona zinthu zingapo zikusintha zokha. Chachikulu n'chakuti aneni othera ndi -idwa ndi -edwa amasowa. Werengani m'ndime ya makina ija: ikuyembekezeredwa kawiri, akulangizidwa, kulipiridwa, kuwiritsidwa, kuchitiridwa, asanagwiritsidwe, kusunthidwa, kusungidwa. Ndi aneni 9 m'ziganizo 7. Chingerezi cha m'maofesi chimakonda kubisa wochita chinthu, chimati madzi awiritsidwe osanena wowiritsa. Chichewa chili nawo aneni oterewa ndipo timawagwiritsa ntchito, monga ponena kuti mbuzi yagwidwa ndi ng'ona. Koma pouza munthu chochita timamuloza iyeyo: wiritsani madzi, samukani, musawoloke. Uthenga ukati ziweto ziyenera kusunthidwa, womvera akhoza kuganiza kuti kubwera anthu ena odzazisuntha. Ukati pitani nazo ziweto zanu, palibe chodikira.

China chomwe chimasowa ndi mawu olumikiza ongomasuliridwa. "Monga chotsatira" pakamwa pa munthu amakhala "ndiye" kapena "choncho". "Posachedwa momwe kungathekere" ndi mawu atatu omwe ife timawanena ndi liwu limodzi, msanga. "Okhalamo a madera" amangokhala anthu okhala kumalo akutiakuti. Ndipo palibe wa kuno amene amati Mtsinje wa Ruo ndi Mtsinje wa Shire m'chiganizo chimodzi. Timati Ruo ndi Shire, aliyense amadziwa kuti ndi mitsinje.

Chichewa chilinso ndi zida zake zomwe makina sakonda kuzitulutsa. Chimodzi ndi -ka- wa nthawi: "mtsinje ukadzaza musawoloke" m'malo mwa "musayese kuwoloka mitsinje yosefukira". China ndi kuyamba ndi chinthu chomwe mukukamba, kenako n'kuchilozanso mkati mwa mneni: "ziweto musazisiye", "madzi akumwa muziwawiritsa". Umu ndi mmene timayankhulira tsiku lonse, ndipo ndime ikakhala yopanda kamangidwe kameneka imamveka youma.

Musaiwale za ulemu. Makina analemba kuti "usayese", ngati akuyankhula ndi mwana. Chingerezi chili ndi liwu limodzi la iwe ndi inu, ndiye makina amangotola lomwe atola, nthawi zina kusinthasintha m'ndime imodzi. Uthenga womwe ukawerengedwe pamaso pa anyakwawa ndi akuluakulu a m'mudzi uyenera kukhala wa inu kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Fufuzani mneni aliyense wolamula: athere ndi -ni, kapena ayambe ndi mu-.

Chachisanu: sanjaninso ziganizo

Uthenga wa Chingerezi unayamba ndi mvula, kenako madzi, ndipo kusamuka kunabwera pachiganizo chachitatu. Papepala zimenezi zilibe vuto. Koma pachimkuzamawu, munthu ali kuseri kwa nyumba akuphika, mphepo ikuwomba, amamva mawu oyamba ndi omaliza, zapakati zimamudutsa. Ndiye ine ndimayamba ndi kuitana eni uthenga ndi kuwauza chochita, chifukwa chake chimabwera pambuyo. Ziweto, zomwe zinali kumapeto kwenikweni, ndimazikokera pafupi ndi kusamuka, chifukwa munthu akamva zosamuka funso lake loyamba ndi la mbuzi ndi ng'ombe zake. Kusintha malo a ziganizo n'kololedwa bola mfundo zonse zikhalepo.

Posanja apa ndinakumana ndi vuto lomwe ndi la kuno kwathu, ndipo ndikufuna ndiimepo pang'ono. Liwu lakuti kumtunda linapezeka kawiri, koma likutanthauza malo awiri osiyana. M'chiganizo choyamba, kumtunda ndi kumapiri komwe mvula igwe. M'chiganizo cha kusamuka, kumtunda ndi malo okwera a m'dera lathu lomwe lino komwe madzi safika. Mukazisiya choncho, uthenga ukumveka kuti chimvula chigwa kumtunda, ndiye thawirani kumtunda komweko. Munthu woganiza bwino akhoza kukhala pansi n'kunena kuti bola kuno.

Ife a kuchigwa timadziwa kuti madzi otisautsa kawirikawiri si a mvula yogwa padenga pathu. Ruo amachokera kuphiri la Mulanje, amatola madzi a mitsinje yotsika kumadera a Mulanje ndi Thyolo, n'kudzathira mu Shire pa Chiromo. Kuno kukhoza kukhala dzuwa lotentha, kumwamba kuli mbee, madzi n'kufika usiku. Choncho m'chiganizo cha mvula ndinaika "kumapiri", liwu la kumtunda n'kulisiyira kusamuka kokha. Cholakwika chotere simungachipeze poyang'ana chiganizo chimodzi pachokha. Chimaoneka pokhapokha mwawerenga ndime yonse mukudziwa dera lomwe ikupita.

Chachisanu ndi chimodzi: nthawi ndi kukula kwa chenjezo

"Mkati mwa maola 48 otsatira" ndi kuwerenga kwa muofesi. Kumudzi timawerenga masiku. Uthenga unatuluka Lachiwiri m'mawa, ndiye maola 48 akutha Lachinayi m'mawa. Ndinalemba kuti "kuyambira lero Lachiwiri mpaka Lachinayi m'mawa". Samalani apa: werengani kuchokera pa nthawi yomwe uthenga unatuluka kwa eni ake, osati yomwe wakupezani inu. Ngati unatuluka dzulo madzulo ndipo inu mwaulandira lero, maola ena apita kale. Ngati nthawi yotulukira siikuoneka, musayerekeze kutchula masiku, nenani kuti masiku awiri akubwerawa ndipo mufunse kwa amene wakutumizirani.

Pamwamba pa uthenga lembani tsiku ndi mwezi. Mauthenga a pa WhatsApp amazungulira, ndipo chenjezo la sabata yatha likhoza kubwereranso likunenabe kuti "lero".

Palinso nkhani ya kukula kwa mawu. Chingerezi chinati mvula ikuyembekezeka. Sichinati igwa ndithu, sichinatinso mwina igwa. Mukakonza mothamanga mukhoza kukulitsa kapena kuchepetsa. "Kugwa chimvula choopsa" kwakulitsa, ndipo mvula ikapanda kubwera anthu sadzakukhulupiriraninso ulendo wina. "Mwina kugwa mvula" kwachepetsa, palibe angasamuke. Njira ya Chichewa ndi kutchula mwini mawu. Pamutu pa uthenga uja panalembedwa kuti wachokera kwa a zanyengo, ndiye ndinati "a zanyengo akuti akuyembekezera mvula yamphamvu". Womvera akudziwa amene wanena ndiponso kuti ndi zoyembekezera.

Chimodzimodzi "akulangizidwa mwamphamvu". Ndinaganizapo zolemba kuti "tikukupemphani kuti musamuke", koma pempho munthu amatha kulikana mwaulemu, ndipo mphamvu ija yatayika. "Samukirani kumtunda msanga" ndi mmene timachenjezera munthu amene timamufunira zabwino. Koma musapitirire n'kuwonjezera zoti okana kusamuka alangidwa kapena sadzalandira thandizo. Zimenezo m'gwero mulibe.

Chachisanu ndi chiwiri: mgwirizano wa mawu ndi kalembedwe

Gawo ili n'lachidule, koma musalidumphe. Pa dzina lililonse, tsatani mawu omwe akuliloza muone ngati akugwirizana nalo. Makina analemba kuti "ziweto ziyenera kusunthidwa ndipo iwo ayenera kusungidwa". Theka loyamba lili bwino, koma theka lachiwiri ziweto zasanduka anthu. Izi zimachitika chifukwa Chingerezi chili ndi mlowam'malo mmodzi wa anthu ambiri ndi zinthu zambiri, pomwe ife tili ndi iwo, izo ndi iyo malinga ndi gulu la dzina. Cholakwikachi chimakonda kubisala kutali ndi dzina, makamaka pambuyo pa "ndipo" kapena kumayambiriro kwa chiganizo chotsatira, ndiye yang'anani kumeneko.

Inunso mukhoza kulakwitsa posintha. Mukachotsa "milingo ya madzi" n'kusiya "madzi", mneni asinthe kuchoka pa i- kupita pa a-. Mukasintha "mitsinje" kukhala "mtsinje", yosefukira ikhale wosefukira.

Pa kalembedwe, onani kankhodolero m'mawu ngati m'mphepete, m'mawa ndi ng'ombe, chifukwa foni imakonda kukadya kapena kukasintha. Kumbukiraninso lamulo la l ndi r, lakuti r amabwera pambuyo pa i ndi e, monga samukirani ndi kwera, pomwe l amakhala pena ponse, monga woloka ndi mvula. Ndipo chomwe makina achita bwino chisiyeni. "Pamalo otetezeka" ndi "madzi akumwa" ndi Chichewa chabwino, palibe chifukwa chozisinthira.

Nditamaliza zonsezi, ndime ija inakhala motere:

"Anthu nonse okhala m'mphepete mwa mitsinje ndi m'malo otsika, samukirani kumtunda msanga. A zanyengo akuti akuyembekezera mvula yamphamvu kumapiri kuyambira lero Lachiwiri mpaka Lachinayi m'mawa, ndiye madzi akhoza kukwera mu Ruo ndi mu Shire. Posamuka, samalirani kwambiri ana, okalamba ndi anthu aulumali. Ziweto musazisiye, pitani nazo mukazisunge pamalo otetezeka. Mtsinje ukadzaza musawoloke wapansi. Madzi akumwa muziyamba mwawawiritsa kapena kuthiramo klorini."

Chachisanu ndi chitatu: bwererani ku gwero

Tsopano tembenuzani foni, mutsegule Chingerezi chija, mutengenso pepala la zosasinthika. Yendani mfundo imodziimodzi ndi cholembera. Mitsinje iwiri ilipo. Magulu atatu alipo. Njira ziwiri za madzi zilipo, ndipo pakati pake pali "kapena", osati "ndi". Nthawi ikukwana maola 48. Kenako yendani mobwerera: pa chiganizo chilichonse cha Chichewa chanu, lozani pomwe chachokera m'Chingerezi. Chomwe chilibe kochokera mwawonjezera ndinu.

Sitepe iyi ndi yofunika chifukwa poyankhula ndi pakamwa munthu amatengeka. Pakulemba kwanga koyamba ndinali nditalemba kuti "okhala m'mphepete mwa Ruo ndi Shire", pomwe gwero linati m'mphepete mwa mitsinje, osatchula. Kusiyanaku kukuoneka kochepa, koma munthu wokhala m'mbali mwa Mwanza kapena Thangadzi akanati uthengawu si wake. Ndinabwezera "mitsinje". Ndinali nditalembanso kuti "yambani mwasamutsa ana", pomwe gwero linangoti asamaliridwe mwapadera. Ndinachotsa.

Ngati gwero lili ndi muyeso, monga kuchuluka kwa klorini pa ndowa ya madzi, koperani nambala ndi muyeso wake momwe zilili. Musasandutse malita kukhala ndowa kapena zigubu mongoganizira, chifukwa ndowa zimasiyana kukula. Ndipo ngati gwero silinatchule muyeso, inu musauike.

Anthu ena amayesa ntchito yawo poibwezera m'makina kuti aimasulire kupita ku Chingerezi, akati zafanana ndi gwero ndiye kuti zili bwino. Njira imeneyi imanyenga. Chichewa chomasuliridwa liwu ndi liwu n'chimene chimabwerera bwino kwambiri, chifukwa chikungodutsanso njira yomwe chinadzera. Mabanki a mtsinje aja akhoza kubwerera ku Chingerezi ali olondola ndithu, pomwe agogo aja anamva za ku Nchalo. Kubwezera m'makina kungakuthandizeni kuona ngati mwadumpha nambala kapena dzina, koma sikungakuuzeni ngati munthu amva.

Chomaliza: werengerani munthu wina, mumufunse chomwe achite

Musabwerere kwa amene munamuwerengera poyamba, chifukwa nkhaniyo akuidziwa kale. Pezani wina. Ndipo mukamaliza kuwerenga musafunse kuti "mwamva?", chifukwa mwaulemu aliyense amayankha kuti eya. Funsani kuti achita chiyani, achita liti, atenga chiyani. Akatchula zonse zili papepala lanu, ndime yapsa. Akadumpha mfundo, mfundoyo yabisala penapake ndipo muyenera kuikweza.

Kuno kuchigwa kulinso nkhani ya ziyankhulo. M'makomo ambiri a ku Nsanje ndi Chikwawa anthu amayankhula Chisena kapena Chimang'anja, ndipo Chichewa amachimva bwino chikakhala cha tsiku ndi tsiku. Ndiye pakati pa mawu awiri olondola, sankhani omwe amamveka pamsika wa Bangula, osati omwe amangopezeka m'mabuku a sukulu. Koma musasakanize ziyankhulo m'ndime imodzi poganiza kuti mukuthandiza. Ngati mudzi ukufuna Chisena, perekani ndime yanu yokonzedwa pamodzi ndi gwero kwa munthu woyankhula Chisena bwino, aikonze payokha potsata njira yomweyi.

Tsiku lija ndinawerengera bambo wina wopalasa bwato, amene ndinamupeza akumata bwato lake padooko. Anamvetsera mpaka kumapeto, natchula zonse: kusamuka lero, ana ndi agogo, mbuzi, madzi owiritsa. Kenako anapukuta manja pa kabudula n'kundiyang'ana.

"Achimwene, mwati tisawoloke wapansi. Ndiye kuti pabwato palibe vuto?"

Funsoli linali loona. Gwero linangotchula kuwoloka wapansi, ndipo Chichewa changa chinanena zomwezo mokhulupirika. Koma ife tonse awiri tinkadziwa mmene Shire amathamangira akadzaza, atanyamula mitengo ndi zinyalala zokwanira kugubuduza bwato. Ndikanatha kungochotsa liwu lakuti "wapansi", chiganizo n'kuletsa kuwoloka kwa mtundu uliwonse. Koma kutero n'kusintha uthenga wa eni ake, ndipo pali nthawi zina pomwe bwato ndilo limapulumutsa anthu ozingidwa ndi madzi. Ameneyu si mlandu woti womasulira augamule yekha.

Ndinaimbira foni amene anatitumizira uthengawo, n'kumufotokozera funso la bamboyo. Ndinamufunsanso ngati tingawonjezere zoti madzi akhoza kufika ngakhale kuno kusanagwe mvula, chifukwa ndinkadziwa kuti anthu akaona dzuwa azengereza. Anavomera mfundo ya mvulayo nthawi yomweyo. Za bwato anati afunse kaye akuluakulu ake, ndipo patapita kanthawi anayankha kuti tiuze anthu asayende pabwato pokhapokha ngati akusamutsidwa ndi opulumutsa anthu. Ziganizo ziwirizo ndinazilemba pansi pa uthenga, nditayamba ndi mawu akuti "A komiti akuwonjezera kuti", kuti aliyense adziwe pomwe mawu a zanyengo athera. Kenako ndinalemba tsiku pamwamba, n'kupereka pepalalo kwa mnyamata wa chimkuzamawu, amene anali akudikira panjinga pamthunzi wa golosale.